Lipoti la ejing'i linkati K19.4 miliyoni ndi ngongole zakalekale, koma ndalama tinakazipeza kolamu ina

Ndimagwira ntchito ya maakaunti pa kampani ina ku Blantyre yogulitsa zotsukira mwapikulitsa, sopo wamadzi, mankhwala am'chimbudzi, tishu, mamopu ndi zina zotero. Makasitomala athu ambiri amatenga katundu pangongole, amalipira pakatha masiku 30, supamaketi imodzi yokha ndiyo tinagwirizana nayo masiku 45. Nkhani ndikulemba apayi ndi ya Novembala 2023, mwezi umene tinatsala pang'ono kulephera kulipira anthu salale pamene m'mabuku mukuoneka kuti kunjaku anthu atisungira K86.4 miliyoni.

Pa 1 Novembala abwana anandiitana, atagwira pepala la ejing'i lomwe anapulinta okha, atazunguliza ndi bolopeni yofiira kolamu yomaliza ija ya masiku opitirira 90. Anati pofika pa 25 tikufunika K25 miliyoni, K16 miliyoni ya amene amatigulitsa mankhwala, K4.2 miliyoni ya VAT, yotsalayo K4.8 miliyoni ya salale. Ndiye akuti yambani ndi akalekalewa, muwaimbire onse, ngongole siwola. Ine ndinavomera pakamwa koma mumtima ndinkadziwa kuti njira imeneyo ndinaiyesa kale mu Okotobala, masabata awiri athunthu ndikuimbira anthu a kolamu imeneyo, zomwe ndinapeza ndi malonjezo ndi mafoni osayankhidwa basi.

Kwa amene simunaligwirepo, lipoti la ejing'i ndi ndandanda wa mainvoisi onse osalipiridwa, kasitomala aliyense mzere wake, ndalama zake zitagawidwa m'makolamu malinga ndi masiku amene zachedwa. Kolamu yoyamba ndi ya mainvoisi amene tsiku lolipira silinakwane, kenako ochedwa ndi masiku 1 mpaka 30, 31 mpaka 60, 61 mpaka 90, ndi opitirira 90. Mu QuickBooks mumalipeza pa dzina loti A/R Aging Summary, ndipo lina la invoisi iliyonse payokha ndi A/R Aging Detail, a Sage Pastel amaliona ngati Age Analysis. Lachidule lija ndi loonetsa abwana, logwirira ntchito ndi la invoisi iliyonse payokha, chifukwa pafoni munthu sungamuuze kuti muli ndi balansi basi, amakufunsa kuti ya invoisi iti.

Chinthu choyamba chimene ndinaona pa pepala la abwana ndi chakuti masiku ankawerengedwa kuchokera tsiku lolemba invoisi osati tsiku loyenera kulipira. Kusiyana kwake sikochepa ayi. Invoisi ya supamaketi ya masiku 40 inkaoneka mu kolamu ya 31 mpaka 60 ngati yachedwa, chonsecho pa mgwirizano wa masiku 45 anthuwo anali asanalakwe kanthu, ndipo ukaimba foni kukalipira munthu amene sanachedwe umangodzichotsera ulemu, tsiku lomwe adzachedwedi sadzakumveranso. Ndiye ndinatulutsa mainvoisi onse kupita mu Excel n'kuwerengera ndekha. Kasitomala mu kolamu A, ndalama yotsala mu D, tsiku loyenera kulipira mu E, tsiku la lipoti ndinalilemba mu H1, kenako masiku ochedwa mu F:

```
=$H$1-E2
```

Tsiku la lipotilo lembani ndi manja, musaike TODAY(), chifukwa mawa mukatsegula failo manambala asuntha ndipo sagwirizananso ndi zomwe munaonetsa abwana dzulo. Kuti mupeze ndalama za kasitomala mmodzi mu kolamu ya 31 mpaka 60, dzina lake lili mu J2:

```
=SUMIFS(D:D,A:A,J2,F:F,">30",F:F,"<=60")
```

Makolamu enawo mungosintha manambala awiriwo. Kanthu kakang'ono kokwiyitsa, mukalemba 1-30 pamutu pa kolamu Excel imasandutsa deti, yambani ndi ka ' kutsogoloko. Ndipo totala ya zonse iyenera kufanana ndi balansi ya angongole mu leja, buku lalikulu la maakaunti, ikasiyana ngakhale ndi K500 imani kaye mufufuze, lipoti losagwirizana ndi leja si lipoti.

Nditawerengera kuchokera tsiku loyenera kulipira, pa 31 Okotobala zinali chonchi. K21 miliyoni inali isanakwane nthawi, imeneyo ndinaiika pambali. K19.5 miliyoni inali mu 1 mpaka 30, K17.2 miliyoni mu 31 mpaka 60, K9.3 miliyoni mu 61 mpaka 90, ndipo kolamu ya bolopeni yofiira ija inali K19.4 miliyoni.

Ndisanaimbe foni ndi imodzi yomwe ndinatha masiku awiri ndikusesa kolamu yomalizayo invoisi ndi invoisi, ndipo apa ndi pamene ndinachita manyazi chifukwa zina zinali zolakwa za ofesi yathu yomwe. K3.1 miliyoni inali yolipiridwa kalekale. Anthu anadipozita ku banki osalemba nambala ya invoisi, ena anatumiza pa Airtel Money ndi Mpamba kuchokera pa nambala ya mkazi wawo kapena ya dalaivala, ife posadziwa mwini wake tinkangoiponya mu akaunti ya ndalama zosadziwika mwini, invoisi n'kumakalamba payokha uku ndalama ili m'banki mwathu. Mayi wina wa golosale ku Ndirande ndinamuimbira katatu mu Okotobala, akundiuza kuti ndinalipira mu Juni ine osakhulupirira, nditayang'ana sitetimenti ya banki ya Juni ndalama yake ili pompo, yolembedwa dzina la mwana wake. Ndinapita kukapepesa pamaso.

Kenako panali timabalansi ting'onoting'ono tambirimbiri, K30,000 apa, K18,000 apo, tonse pamodzi K1.2 miliyoni. Ukaona invoisi yaikulu yatsala ndi kandalama kochepa kotero, kaikira widiholding'i, msonkho umene kasitomala amadula polipira n'kukapereka yekha ku MRA m'dzina lanu. Tinene katundu wa K1,000,000, VAT nthawi imeneyo inali 16.5%, invoisi ikukhala K1,165,000. Kasitomala akudula 3% pa K1,000,000 ija, K30,000, ife tikulandira K1,135,000. K30,000 yotsalayo si ngongole, kasitomala alibenso choti atipatse kupatula satifiketi yosonyeza kuti anadula, ndipo satifiketiyo ndi ndalama chifukwa imachepetsa msonkho wathu wapachaka. Ndiye ntchito yake si yotolera ngongole, ndi yotolera mapepala, ndinaipatsa mtsikana wa pa risepushoni. Yomaliza inali K1.8 miliyoni ya katundu amene anabwezedwa ku weyahausi, zigubu zodontha ndi maoda olakwika, wa stoo analandira n'kusainira koma kirediti noti, pepala lochotsa ndalamazo pa ngongole ya kasitomala, sinalembedwe.

Zitatuzo pamodzi ndi K6.1 miliyoni, ndiye kolamu yoopsa ija inatsika kufika K13.3 miliyoni popanda tambala imodzi kulowa. Mu K13.3 miliyoni imeneyo, K7.5 miliyoni inali ya ofesi ina ya boma, K2.4 miliyoni ya shopu yomwe inatsekedwa mwini wake osadziwika komwe ali, ndipo K3.4 miliyoni inali yomwazikana pa makasitomala ang'onoang'ono 23. Tsono tayang'anani, pa ndalama zonsezo ndi iti ikanalowa pasanafike pa 25? Ndinabwerera kwa abwana ndi pepala limenelo ndipo ndinawauza kuti bwana, fodya wako ndi amene ali pamphuno, kolamu mwazungulizayi ndi wapachala. Anaseka koma anati bola pa 25 ndalama ioneke.

Ngongole zochedwa zenizeni zinatsala K59.3 miliyoni pa makasitomala pafupifupi 60. Nditasanja kuyambira wamkulu, asanu ndi mmodzi okha anali ndi K41 miliyoni. Ndiye funso loti ndiimbire ndani linachepa, linakhala loti mwa asanu ndi mmodziwa ndiyambe ndi ndani, ndipo apa lipoti palokha silikuyankha, limangokuuza kuti zingati ndi kuti zachedwa bwanji, chifukwa chake silinena. Ine ndimaonjezera makolamu atatu anga kumanja: tsiku limene munthuyo analipira komaliza, masiku amene amachedwa mwachizolowezi, ndi ngati akutengabe katundu. Ndimaikanso lipoti la mwezi watha pambali kuti ndione amene ndalama zake zikusunthira kumanja.

Woyamba anali supamaketi, K11.8 miliyoni, K6.3 miliyoni mu 1 mpaka 30 ndi K5.5 miliyoni mu 31 mpaka 60. Pa pepala la abwana panalibe chizindikiro chilichonse pa dzina lawo chifukwa mu kolamu yomaliza munalibe kanthu. Koma anthu amenewa zaka zonse amachedwa masabata awiri kapena atatu basi, sanalowepo mu 31 mpaka 60, ndiye kuona K5.5 miliyoni mmenemo kunandiuza kuti penapake pagwira. Kasitomala amene ali ndi ndalama ndipo amalipira akasiya mwadzidzidzi, nthawi zambiri vuto limakhala pepala. Sindinaimbe, ndinapita ndekha ku ofesi yawo ya maakaunti ndi sitetimenti ndi makope a mainvoisi. Mayi amene amakonza malipiro anangotsegula failo n'kundionetsa invoisi imodzi ya mu Ogasiti yomwe mtengo wa tishu unali wokwera kuposa wa pa LPO yawo, pepala lomwe anaodera katunduyo, kusiyana K380,000. Ife tinakweza mtengo oda itatuluka kale. Iwo salipira sitetimenti ya sapulaya ngati muli invoisi yosagwirizana ndi LPO, ndiye K380,000 inagwira K11.8 miliyoni, ndipo anati tinatumiza imelo kwa wogulitsa wanu mu Seputembala. Wogulitsa wathuyo imeloyo anaiona, sanauze munthu.

Ndinafunsa funso limene ndimafunsa paliponse, kuti malipiro mumatulutsa liti ndipo mapepala amayenera kufika liti. Anati pa 15 ndi kumapeto kwa mwezi, mapepala afike pasanafike pa 10. Tsiku limenelo linali pa 6. Abwana poyamba anakana kirediti noti, akuti mtengo unakweradi, ndinawawerengera kuti tikukangana pa K380,000 pomwe K11.42 miliyoni ikudikira ndipo LPO tinailandira tokha osadandaula. Anasaina pa 7, ndinakaisiya pamanja n'kusainitsa kope yanga, pa 15 K11.42 miliyoni inatuluka. Manambala a malipiro amene ndikutchula ndaphatikiza ndi ka 3% kaja pamene kanadulidwa, kuti nkhani isapotane.

Wachiwiri anali kiliniki yapulayiveti, K4.9 miliyoni yonse mu 1 mpaka 30. Ambiri kolamu imeneyi saiyang'ana, amati yachedwa pang'ono ibwera yokha, koma ndalama yaikulu yongochedwa kumene ndi yotsika mtengo kuitolera kuposa ina iliyonse, foni imodzi basi. Akauntanti wawo anali watsopano, mainvoisi athu ankapita ku imelo ya amene anachoka. Ndinatumizanso limodzi ndi madelivale noti osainidwa, patatha masiku 6 analipira yonse. Ndikanadikira kuti ifike kolamu yofiira ndikanadikira miyezi itatu pa nkhani ya imelo.

Wachitatu ndi amene anandivutitsa mutu, loji ina ya ku Mangochi, K5.6 miliyoni. Ndalama si yaikulu kwambiri koma maonekedwe ake ndi amene anandiopsa, K1.4 miliyoni mu 1 mpaka 30, K1.9 miliyoni mu 31 mpaka 60, K2.3 miliyoni mu 61 mpaka 90, kolamu iliyonse muli kanthu ngati masitepe, ndipo oda yatsopano ya K1.6 miliyoni inali itapakiridwa kale kudikira galimoto. Mzere wotere umatanthauza kuti munthu akutenga mwezi uliwonse koma akubweza zochepa kuposa zomwe akutenga, katundu wathu ndi amene akuyendetsa bizinesi yake. Nditayang'ana malipoti a miyezi inayi yapitayo balansi yake inkakwera mwezi ndi mwezi ngakhale ankalipira kenakake nthawi zonse, ndipo kenakakeko ndi kamene kankatigoneka tulo.

Panalinso china chimene chinabisa nkhaniyi. Akaunti yawo mu sisitimu inali pa Balance Forward osati Open Item. Pa Balance Forward ndalama iliyonse yolowa imangodya ngongole yakale kwambiri, osayang'ana kuti munthu walipira invoisi iti, ndiye kasitomala amene akumira pang'onopang'ono safika msanga mu kolamu ya 90, kumbuyo kumangodulidwa uku kutsogolo kukukula. Zimabisanso invoisi yokanidwa, chifukwa sisitimu imaionetsa ngati yalipiridwa pomwe mwini wake akuti imeneyo sindidzalipira. Pa Open Item risiti iliyonse umaimangirira ku invoisi yake, ntchito imachuluka koma lipoti limanena zoona. Makasitomala onse akuluakulu ndinawasamutsira kumeneko mwezi womwewo.

Kwa loji ndinapempha abwana kuti oda itsitsidwe m'galimoto. Apa panabuka mkangano ndi wogulitsa wathu, akuti achimwene mukundiphera kasitomala, Disembala ikubwera alendo adzadza kunyanja adzalipira zonse. Ndinamuyankha kuti Disembala yomweyo ndi imene ikutipatsa mphamvu, loji singalandire alendo popanda tishu ndi mankhwala am'chimbudzi, tikadikira Febuluwale mvula ili pakati alendo kulibe tidzamugwira ndi chiyani. Chida chachikulu cha wotolera ngongole ndi katundu amene kasitomala akumufunabe, n'chifukwa chake amene akuodabe ndimamuika patsogolo pa amene anasiya kugula. Ndinaimbira manijala wa loji, sindinakalipe, ndinangoti bambo oda yanu yakonzeka koma sisitimu siitulutsa mpaka mainvoisi atatu awa a mu Julayi atalipiridwa, n'kuwatchula manambala ndi ndalama zake. Anakwiya, anaimbira abwana, mwamwayi abwana sanagonje, patatha masiku anayi K2.3 miliyoni inalowa. Tinagwirizana kuti kuyambira pamenepo oda iliyonse ndi kashi, kuphatikizapo K500,000 yodula ngongole yakale.

Sukulu yapulayiveti yogonera konko inali ndi K6.9 miliyoni, yokulirapo kuposa ya loji komanso ina yake inali mu 61 mpaka 90, koma ndinaiika pambuyo. Sukulu imakhala ndi ndalama teremu ikamatsegulidwa fizi ikulowa, mu Novembala imakhala ikupuma movutikira kudikira Januwale, ungaimbe kakhumi sizisintha. Kulakwa kwathu kunali kosawapanikiza mu Seputembala pamene ndalama inalipo. Chimene ndinafuna kwa iwo ndi pepala. Bwana wa zachuma wa pasukulupo anavomera K2 miliyoni pompo, yotsala K4.9 miliyoni kawiri mu Januwale, K2.5 miliyoni ndi K2.4 miliyoni, madeti ake olembedwa, ahedi n'kusaina ndi chidindo. Kalata yotero imatseka pakamwa, mawa munthu sangadzanene kuti ngongoleyo sakuidziwa kapena katundu anali wosakwana.

Pamene ndinagwa ndi pa kampani ina yotsuka m'maofesi, K4.3 miliyoni. Mwini wake nyimbo yake inali imodzi, nafenso sanatilipire, akangotilipira ndinu oyamba. Anapereka K1 miliyoni ndi cheke cha deti yakutsogolo cha K3.3 miliyoni, ine kusangalala mpaka ndinalemba pa lipoti kuti zatheka, ndipo choipa kwambiri ndinalola katundu wina wa K700,000 atuluke podalira chekecho. Pa 24 cheke chinabwerera, Refer to drawer. Chizindikiro chinalipo ndipo ndinachiona, tsiku lolipira komaliza linali la mu Ogasiti, komanso ndinali nditamva kuti wayamba kugula kwa ena pa kashi. Munthu amene ali ndi ngongole kwa inu akayamba kugula kwina ndiye kuti akukuthawani. Kuyambira pamenepo lonjezo ndi cheke ndimazilemba mu kolamu yawoyawo ya malonjezo ndi deti yake, ngongole imachoka pa lipoti banki ikasonyeza ndalama basi.

Za ofesi ya boma ija, K7.5 miliyoni yomwe abwana ankafuna ndiyambire. Imeneyi sindinaitaye koma sindinaiwerengere pa ndalama za pa 25. Ngongole ya boma kawirikawiri imalipiridwa, vuto ndi liti, ndipo kukalipa sikufulumizitsa kanthu chifukwa amene ukumuimbirayo nayenso akudikira fanding'i. Chimene ungachite ndi kuonetsetsa kuti failo ndi yokwana, LPO, delivale noti yosainidwa ndi amene analandira, invoisi, kuti ndalama ikangofika yako isabwezedwe chifukwa cha pepala. Ndinapita kamodzi, ndinapeza delivale noti imodzi ikusowa mu failo, ndinakapereka kope, kenako ndinaika Lachiwiri lililonse foni imodzi kufunsa kuti vocha yafika pa desiki ya ndani. Inadzalipiridwa mu Malichi chaka cha boma chikutha.

Koma kudikirako kunatidya mbali ina. Pa 9 Novembala kwacha inagwetsedwa ndi 44%, dola ya America kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Mankhwala amene timagulitsa zopangira zake zimachokera kunja, ndiye amene amatigulitsa anasintha mitengo sabata yomweyo. K7.5 miliyoni ija dzulo lake inali madola pafupifupi 6,350, m'mawa mwake inali pafupifupi 4,400, pa lipoti nambala ili yomweyo osasuntha koma katundu amene ingagule wachepa. VAT yake nayo tinali titalipira kale ku MRA miyezi yapitayo, chifukwa VAT imatsata invoisi osati tsiku limene kasitomala wakulipira, pofika pa 25 mwezi wotsatira umapereka kuchokera m'thumba mwako. Ndiye ndikamati ya boma ndinaiika pambuyo sindikunena kuti kuchedwa kwake n'kwaulere, ndikungonena kuti maola anga sakanasintha deti yake, pomwe maola omwewo ku supamaketi anatulutsa mamita 11. Chimene tinasintha ndi chakutsogolo, ofesi imeneyo sitiipatsanso katundu wina ngongole yakale isanathe.

Ang'onoang'ono a m'makolamu onse sindinawaimbire mmodzimmodzi. Tinatumiza masitetimenti pa WhatsApp tsiku limodzi, uthenga waufupi wotchula nambala ya invoisi, ndalama, nambala ya akaunti ndi pempho loti polipira alembe nambala ya invoisiyo, ndipo madalaivala popita kukasiya katundu ankatenga sitetimenti ya aliyense wa njira imeneyo. Zinabweretsa K2.6 miliyoni. Shopu yotsekedwa ija tinapereka kwa loya kuti alembe kalata, ngakhale ine ndinauza abwana kuti aiwerengere ngati yotayika, maodita akabwera adzafunsa kuti mwapatula zingati pa ngongole zokaikitsa ndipo imeneyo ndi yoyamba.

Pofika pa 25 zolowa kuchokera ku ngongole zochedwa zinali K11.42 miliyoni ya supamaketi, K4.9 miliyoni ya kiliniki, K2.3 miliyoni ya loji, K2 miliyoni ya sukulu, K1 miliyoni ya otsuka aja ndi K2.6 miliyoni ya ang'onoang'ono, zonse K24.22 miliyoni. Inaperewera K780,000 pa K25 miliyoni ija, tinakwaniritsa ndi malonda a kashi a sabata imeneyo. VAT inapita pa nthawi, salale inatuluka pa 27. Kuchokera mu kolamu ya bolopeni yofiira simunatuluke kalikonse.

Ndipo lipoti la pa 30 Novembala silinali lokongola monga mungaganizire, ndi bwino ndinene. Kolamu ya 31 mpaka 60 inatsika kuchoka pa K17.2 miliyoni kufika K6.8 miliyoni, pamenepo ndiye panaoneka ntchito. Koma 61 mpaka 90 inakwera kuchoka pa K9.3 miliyoni kufika K10.6 miliyoni, chifukwa zonse zomwe sizinalipiridwe mu kolamu yam'mbuyo zinangosunthira mmenemo, K4.2 miliyoni ya sukulu, K1.9 miliyoni ya loji, K2.6 miliyoni ya otsuka, K1.9 miliyoni ya ang'onoang'ono. Yopitirira 90 nayo inakwera kuchoka pa K13.3 miliyoni kufika K17.3 miliyoni. Abwana atangoona anatenganso bolopeni yofiira.

Ndinawaonetsa kuti pa K4 miliyoni yomwe yalowa kumene mu 90, K700,000 ndi ya sukulu ndipo ili ndi kalata yosainidwa, K700,000 ina ndi ya otsuka aja omwe tinali titawatsekera kale akaunti, koma K2.6 miliyoni ndi ya makasitomala apakatikati asanu ndi awiri amene anali mu 61 mpaka 90 pa 31 Okotobala, ndipo amenewa ndinawaphonya ine. Anali aang'ono kuti alowe mu gulu la asanu ndi mmodzi lija, koma ochedwa kwambiri kuti uthenga wa pa WhatsApp uwasunthe, mmodzi K450,000 wina K300,000 choncho, anafunika foni ya munthu ndipo sindinawaimbire. Awiri mwa iwo anali akutengabe katundu mwezi wonsewo.

Ndiye mu Disembala ndinasintha kasanjidwe. Lolemba lililonse m'mawa ndimatulutsa lipoti, ndisanayang'ane akuluakulu ndimasefa kolamu F kuti ndione mainvoisi amene ali pakati pa masiku 50 ndi 60, ndi amene ali pakati pa 80 ndi 90, amene atsala pang'ono kuwoloka, aliyense woposa K250,000 amalandira foni sabata yomweyo. Wofika masiku 60 akaunti imadzitseka yokha mu sisitimu ndipo woitsegula ndi abwana okha, ndi siginecha, osati wogulitsa. Komishoni ya ogulitsa nayo tinaisamutsa, imatuluka kasitomala akalipira osati invoisi ikalembedwa, achimwene aja sanandilankhule bwinobwino mpaka Khirisimasi. Sukulu inalipira K2.5 miliyoni pa deti yake mu Januwale, yachiwiri inachedwa masiku 9. Loji inamaliza ngongole yakale mu Epulo ndipo mpaka pano imagula pa kashi. Otsuka aja, K3.3 miliyoni kuonjezerapo K700,000 ya katundu amene ndinatulutsa ine uja, failo yawo ikadali kwa loya.